Chithunzi cha Kabatani

Mumsewu wathu muno mphekesera siigona ndi njala, koma iyi ya atelala a pakona inanenepa kuposa zonse. Amayi a pampopi ankanong'onezana kuti atelala azungulira mutu, awotcha chithunzi cha mwana wawo yemwe anamwalira, masana dzuwa likuswa mtengo. Ena ankati ayi, ndi zizimba zimenezo, anawauza ndi sing'anga kuti mwamuna abwerere. Mayi wina wogulitsa makala mpaka analumbira kuti utsi wake unali wobiriwira. Abale, anthu kunama! Choona chake n'chakuti chithunzi chinapsadi, koma nkhani yake siinayende choncho. Khalani pansi mumve.

Atelala anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ankamutchula Kabatani chifukwa anabadwa wamng'ono zedi, ndiponso atayamba kukwawa ankangokhalira kutola mabatani pansi pa makina osokera n'kumaika mkamwa. Bambo ake anali dalaivala wa malole akuluakulu aja oyenda sabata ziwiri osabwerako. Kabatani ali ndi zaka zisanu anadwala malungo, masiku atatu okha, n'kupita. Adalaivala anali pa ulendo, foni yosapezeka, ndipo anafika maliro ataikidwa kale. Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munalowa chisanu. Atelala ankati, "Munali kuti?" Adalaivala ankati, "Nanga inu munachedweranji kupita naye kuchipatala?" Mafunso awiri amenewa anadya banja lija ngati chiswe, mpaka chaka chisanathe bambo aja ananyamula chikwama chawo.

Chimene chinatsala ndi chithunzi chimodzi. Chimodzi chokha, musaiwale. Anajambulitsa ku situdiyo ina yakale ya m'tauni ina, ya filimu, yomwe inatsekedwa kalekale, mwini wake n'kusamuka osadziwika kolowera. Zithunzi zina zinali mufoni ya adalaivala imene anaberedwa pa ulendo. Pa chithunzi chotsalacho atelala anakhala pampando, adalaivala ataima pambali, ndipo Kabatani anaimirira pa kabenchi pakati pawo atavala diresi la zingwe m'mapewa losokedwa ndi mayi ake. Mwanayo sanayang'ane kamera. Anatsamira mutu pachifuwa pa bambo ake, tsaya limodzi ndi khutu zitabisika mu jekete, maso ali m'mwamba kuyang'ana bambo akewo, akuseka mano onse pamtunda. Dzanja la adalaivala, lalikulu ngati fosholo, linali paphewa pake.

Chithunzicho chinkakhala pakhoma la shopu, pamwamba pa makina. Zaka zinayi atelala ankachipirira. Anayesapo kumata kansalu pa galasi kuti kaphimbe nkhope ya bamboyo, koma dzanja lija linkaonekabe paphewa pa mwana.

Ndiye tsiku lina kasitomala wina wapakamwa, akuyezedwa m'chiuno, anangoti, "Mwamva? Aja anali anu aja akwatiratu. Mkazi wake ndi woyembekezera, mimba ili apa." Atelala anangoti, "Kwezani manja," n'kupitiriza kuyeza. Koma sabata yomweyo adalaivala eni ake anatulukira pakhomo pa shopu, chipewa chili m'manja.

"Mayi a Kabatani, sindikhalitsa. Ndimati mundibwereke chithunzi chija ndikachititse kope. Ndibweza lero lomwe."

"Mukachipachike kuti? Pamwamba pa bedi la mkazi wanu?"

"Ndi mwana wanganso."

"Mwana wanu ali m'mimba uko. Uyu mukanamufuna mukanayankha foni. Chokani, mukunditchingira kuwala."

Mawa lake atelala anatsitsa felemu ija, kuikulunga mu nsalu, ulendo ku situdiyo ya pafupi ndi pokwerera basi. Pamenepo pamagwira ntchito mtsikana wina wamkulu ndithu amene anthu amangomuti Namagalasi, chifukwa cha magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo. Ndi katswiri, zimenezo palibe amatsutsa. Ndiye amene amachotsa ziphuphu pa zithunzi za akwati onse a dera lino.

"Ndikufuna bambo awa achokepo," anatero atelala. "Titsale awiri, ine ndi mwana."

Namagalasi anawongola timisomali ta kuseri kwa felemu, kutulutsa chithunzi mochigwira m'mphepete mokha, n'kuchiuzira fumbi ndi kampira kopopa mpweya. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mphuno ili pafupi.

"Zitheka, mayi, koma ndikuuzeni chilungamo. Munthu akaima patali ndi anzake, kumuchotsa n'kosavuta ngati kuzula udzu. Awa ndiye alukana ndi mwana. Chimene chili kuseri kwa dzanja ili ndi jekete iyi kamera siinachione. Kulibe. Ndiyenera kuchipanga ndekha."

"Pangani. Si ntchito yanu?"

Anachigoneka chafufumimba pa galasi la sikana, kutseka chivundikiro, kuwala n'kuyenda pang'onopang'ono pansi pake. Anati akusikana mokulitsa kwambiri kuti ngakhale kaulusi ka diresi kaoneke. Chithunzi chitatuluka pa kompyuta, anachisunga kaye osachikhudza, n'kupanga kope yachiwiri.

"Iyi yoyambayi ndi mayi wake," anatero akuloza ndi chala. "Siikhudzidwa. Timasewera ndi mwana wakeyu, kuti tikalakwitsa tibwerere."

Atelala anakokera mpando pafupi. Anaona Namagalasi akuzunguliza kamzere m'mbali mwa adalaivala, kuyambira kuchipewa, kutsika ndi phewa, kulambalala tsitsi la mwana kamodzikamodzi. Atadina batani, bambo aja anazimiririka, pamalo pawo n'kutsala dzenje la timabokosi toyera ndi totuwa. Atelala anapuma mpweya wautali ngati atula mtolo wa nkhuni.

Kuseri kwa anthuwo kunali katani ya mu situdiyo yakale ija. Namagalasi ankatapa kachigawo ka katani kumbali yabwino n'kumakadinda padzenje paja, kachigawo ndi kachigawo, akusamala kuti mapindo a nsalu alumikizane kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mthunzi wa bamboyo umene unagwera pansi anaufufutanso, chifukwa akuti anthu ambiri amaiwala zimenezo, munthu n'kuchoka mthunzi wake n'kutsala. Paphewa pamene panali dzanja, anakopera phewa linalo, kulitembenuza, n'kuliika pamenepo.

"Chingwe chimenecho mfundo yake yayang'ana kolakwika," anatero atelala msanga. "Ndinasoka ndine. Zonse ziwiri zinkagwera kutsogolo."

"Mwaona, mayi? Diresi mwaligwira bodza nthawi yomweyo. Tsopano tikubwera kunkhope."

Pankhope ndiye panali ntchito. Jekete itachoka, mutu wa Kabatani unatsala wodukira mbali imodzi ngati mwezi wosakwanira. Namagalasi anayesa kaye kuuza pulogalamu kuti idzazemo yokha. Inadzazamo khutu lalitali lachilendo, lokhala ngati la munthu wamkulu, mpaka atelala anatembenuza nkhope. Anabweza, n'kuchita ndi manja: kutenga tsaya looneka ndi khutu lake, kuzitembenuza, kuziika mbali inayo, kuchepetsa kuwala kuti zigwirizane, kusalaza polumikizira. Zinamutengera masana onse.

Atamaliza, anakankhira mpando kumbuyo. Kunena zoona, munthu wosadziwa sakanazindikira kanthu. Koma atelala anakwinya nkhope.

"Nanga akuyang'ana chiyani m'mwambamo?"

Zinalidi choncho. Mwana anali atapendeketsa mutu, maso m'mwamba, akusekerera katani yopanda munthu.

"Akuwayang'anabe," anatero atelala. "Mwawachotsa koma akuwayang'anabe. Muwongoleni mutu. Maso ayang'ane kuno."

"Mayi, apo pokha ndikupempheni. Phewa ndi nsalu chabe, tsaya ndabwereka kwa iye mwini. Koma ndikawongola khosi, ndikasuntha maso, ndiye kuti zikope ndijambula ine, pakamwa ndikonza ine kuti pagwirizane. Adzakhala mwana wokongola, koma adzakhala wanga, osati wanu."

"Munamudziwa inu kapena ine? Ndinabereka ndine. Ndikuuzani pamene mwalakwitsa."

Namagalasi anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Mawa lake anachita zimene anauzidwa. Anazungulitsa mutu pang'ono, kutsitsa timipira ta m'maso, kutsitsa zikope, kukonza chibwano pamene chinapindika. Atelala ankangoti, "Eya, choncho. Iyayi, bwezani pang'ono. Eya." Pomaliza Kabatani anayang'ana kutsogolo, mwa mayi ake enieni. Namagalasi anachisindikiza chithunzicho pa pepala lonyezimira, chachikulu kuposa choyamba chija, n'kuchiika mu felemu yatsopano.

Kenako Namagalasi anatenga envelopu, kuikamo chithunzi chakale, n'kuwapatsa. "Ichi mukasunge pouma, posafika dzuwa. Ngati simukufuna kuchiona, kachisiyeni kwa m'bale wanu. Mayi wake uja, fayilo yoyamba ija, ndikuikirani pa fulashi, kachipangizo kosungira zithunzi, ndipo kope ina itsala muno."

"Itsala muno kuti itani? Kuti bambo aja adzabwere mudzawasindikizire? Fufutani. Ndikuona ndi maso angawa."

"Sindingapatse munthu popanda inu kulola."

"Ndati fufutani. Zonse zimene zili ndi nkhope yawo, ndipo za fulashizo sindikufuna."

"Mayi, mverani. Fayilo imene ndimagwirirapo ntchitoyi ili ndi zigawo zosanjikizana, bambowa akadali pansi, ndangowaphimba. Ndikaziphatikiza kukhala chimodzi n'kufufuta mayi wake, palibenso kubwerera. Dikirani mwezi umodzi wokha. Mtima ukazizira mudzandiuze, ndidzafufuta."

"Mtima wanga wakhala ukuzizira zaka zinayi. Fufutani."

Namagalasi anaphatikiza zigawo zija, kusunga, n'kufufuta sikani yoyamba. Atelala, amene kompyuta saidziwa kwenikweni koma anamvapo za bini imene zofufutidwa zimagweramo, anati, "Ndi mubinimo." Namagalasi anakhuthula bini.

Tsopano chinatsala ndi cha mu envelopu chija. Atafika ku shopu anapeza achemwali awo aakulu akuwadikira. Achemwaliwo masiku ano amakhala kutali, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ndi amene ankamulera Kabatani atelala akatanganidwa. Felemu yatsopano inali ikadali yokulungidwa m'mapepala, sanaione. Anangoona envelopu, n'kumva nkhani yake.

"Ndipatse ine chimenecho," anatero. "Ndikachiika pansi pa sutikesi, sudzachionanso mpaka udzachifune wekha."

"Achemwali, inu ndimakudziwani. Akadzangokulirirani pang'ono alamu anu aja mudzawapatsa."

"Iwe, usandiyankhule ngati ndine mwana. Mwamunayo udane naye mmene ungathere, ine sindikuletsa, ngakhale ine sindimupatsa moni. Koma pamenepo pali mwana."

"Mwana ndili naye umu," anatero atelala akumenya felemu yokulungidwa ija. "Wabwinonso kuposa apa."

Achemwali anakwera basi yawo akupukusa mutu. Atangochoka, atelala anatsegula simbi yawo ya makala imene amasitira zovala magetsi akazima, kuuzira makala mpaka afiire, n'kuikamo chithunzi. Chinapindika, chinatuluka matuza, n'kununkha ngati pulasitiki. Ndi umenewo utsi umene anaona mayi wa makala uja. Atelala anatseka simbi, n'kusita nayo siketi ya kasitomala.

Masabata oyamba anali osangalala, eti. Atelala anapachika chithunzi chatsopano pakhoma, ndipo ankaimba posoka. Makasitomala ankayamikira kuti koma mwanayu anali chiphadzuwa, onani maso. Palibe ankafunsa za bambo.

Patatha miyezi iwiri achemwali anabweranso. Analowa, kuika chikwama pansi, n'kukweza maso pakhoma.

"Mwachiona?" anafunsa atelala monyadira.

"Ndachiona. Ndi mwana wa ndani?"

"Musayambe, achemwali."

"Sindikuyamba. Diresi ndalizindikira. Koma Kabatani kadzenje ka patsaya anali nako kamodzi, uyu ali nato tiwiri. Ndipo mwana uja sankayang'ana munthu chonchi, ngati wa pa kalendala. Ankayang'ana chammbali, mochenjera, ngati wabisa batani mkamwa. Uyu ndi wooneka bwino, mng'ono wanga, koma sindinamusambitsepo."

Atelala anawathamangitsa ndi mawu, koma mawu a achemwali anatsalira m'shopumo. Tsiku lonse ankasoka, kukweza maso, kusokanso. Kenako anasiya makina, kutsinzina, kuti amuone Kabatani wa m'mutu mwawo, uja ankathamanga kubwera kudzawakumbatira miyendo. Abale, apa ndi pamene pamandiwawa ine. Nkhope imene inabwera inali ya pakhoma ija. Anayesanso. Yomweyo, maso oyang'ana kutsogolo, timaenje tiwiri. Miyezi iwiri yoyang'ana chithunzi chimodzi m'mawa ndi madzulo inali itadinda nkhope yatsopano pamwamba pa yakale, monga mmene Namagalasi ankadindira katani.

M'mawa mwake situdiyo isanatsegulidwe n'komwe, iwo anali ataima kale pakhomo.

"Mwana wanga, ndalakwa ine. Bwezeretsani. Abwerere bamboyo, abwerere ndi dzanja lawo lomwe, ndilibe nazo kanthu. Ndikungofuna nkhope ija."

Namagalasi sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyatsa kompyuta, kutsegula pulogalamu yofufuzira mafayilo ofufutidwa, n'kuisiya iyende. Podikira anafotokoza kuti fayilo ikafufutidwa siichoka nthawi yomweyo, malo ake amangolembedwa kuti ndi opanda mwini, ndipo zatsopano zikabwera zimakhala pomwepo. Atelala akanabwera sabata yomwe ija, mwina ikanapezeka. Koma pa miyezi iwiri imeneyi mu kompyutamo munalowa zithunzi za maukwati asanu ndi za ana a sukulu yonse. Pulogalamu inapeza dzina la fayilo ija. Ataitsegula, munangotuluka mizere yotuwa, ndi kachidutswa ka katani pakona.

"Nanga kuchokera pa chatsopanochi, simungabweze mutu mmene unalili?"

"Ndingaupendeketse, mayi, koma ndidzakhala ndikungopeka kachiwiri. Maso akewo ndinawaona masiku awiri okha. Choyamba chija chili kuti? Tingosikananso."

Atelala anaweramitsa mutu. Namagalasi anawayang'ana, n'kumvetsa, n'kugwira pakamwa.

Kunatsala khomo limodzi, lowawa kuposa onse. Ananyamula felemu ija mpaka ku depoti ya malole, kudutsa pakati pa matayala ndi madzi a oilo, amakaniko akuwayang'ana. Anawapeza adalaivala akumanga tenti pa katundu. Bamboyo atawaona anatsika, kupukuta manja pa ovolosi.

"Bambo a Kabatani, ndikufunseni. Kwa amayi anu, kwa abale anu, palibe amene ali ndi chithunzi cha mwana? Ngakhale choipa, ngakhale chakutali?"

"Chikanakhalapo ndikanabwera kudzakupemphani? Bwanji, chija chatani?"

Anawapatsa felemu. Adalaivala anaiyang'ana, kuyang'ana pamalo pamene iwo anaima kale, pamene tsopano panali katani yokhayokha. Za iwo eni sananene kanthu. Anayendetsa chala chakuda ndi girisi pamwamba pa galasi, osaligunda.

"Mwamutani mwanayu?"

"Ndinkafuna aziyang'ana ine."

"Choyamba chija?"

"Ndinawotcha."

Atelala ankayembekeza kutukwanidwa, mwina ankakufunanso. Koma bamboyo anangokhala pa tayala.

"Tsiku lija ndinabwera," anatero motsitsa, "sikuti ndinkafuna chokongoletsa nyumba. Ndinkayendetsa, n'kuyesa kumukumbukira, nkhope osabwera. Mawu ndimawamva, kuseka ndimakumva, koma nkhope yayamba kuthawa. Ndimati ndikangochiona kamodzi."

Atelala anakhala nawo pa tayala lomwelo, koyamba pa zaka zinayi. "Ndiuzeni mmene mukukumbukira. Tipite limodzi kwa mtsikana uja, inu munene zanu, ine zanga, mwina ajambula. Achemwali akuti kadzenje ka patsaya kanali kamodzi."

"Kamodzi, eya." Anayang'ananso chithunzi. "Kapena tinali tiwiri, kachiwiriko n'kosaoneka bwino? Akaseka kwambiri ndimaona ngati..."

"Kanali kamodzi!"

"Mukutsimikiza?"

Atelala nawonso anayang'anitsitsa chithunzicho. Anthu awiri amene anamubereka mwana uja anakhala pamenepo dzuwa likuwawotcha, akuyang'ana nkhope ya mlendo atavala diresi la mwana wawo, ndipo panalibe mmodzi wotha kulumbira. Lole ina inaliza hutala kuti apatuke. Adalaivala anabweza felemu, kuvala chipewa, n'kukwera kukamaliza kumanga tenti, misozi ikutsika osaipukuta.

Chithunzicho chikadali pakhoma la shopu mpaka lero. Kuchitsitsa sangathe, chifukwa mano aja ndi ake, mphumi ndi yake, ndipo china kulibe. Kuchiyang'ana nakonso sangathe, ndiye anatembenuza makina, amasoka atachifulatira. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo atelala anawataya okha, ndi manja awiri, anthu awiri atawagwira mkono kuwaletsa. Nanga inu, amene mwakwiya lero ndipo chala chili kale pa batani lofufutira, mwayang'anitsitsa kuti pa chithunzipo pali ndaninso?